Mawu Amene Sitinagawe

Tsiku logawa katundu wa mkazi wanga, amalume ake anakhala pampando pakhonde, ife tonse pamphasa. Zitenje zinapita kwa azakhali, mbale ndi mapoto kwa amayi ake, nsapato kwa mng'ono wake, ngakhale kuti iyeyo anali atatsala kuno ku Doha ndipo phazi lake ndi lalikulu. Foni inatsalira pansi pa chikwama. Amalume anaitembenuza, anaona kuti galasi lake ndi long'aluka pakona, n'kufunsa ngati alipo wodziwa manambala otsegulira. Ndinali ine ndekha.

"Basi, iyi atenge akamwini," anatero.

Ndinailandira ndi manja awiri.

Mkazi wanga anali mphunzitsi wa pulaimale ku Zomba. Nyumba yathu ya lendi inalibe malo olima, choncho ankadzala ndiwo zamasamba m'matumba akale a feteleza, kuseri, pafupi ndi mpopi. Tsiku lina anayamba kujambula zimene ankachitazo n'kumaziika pa tsamba la pa intaneti loonerapo mavidiyo. Nkhope sankaonetsa. Foni ankaitsamiritsa pa njerwa, ndipo munthu ankangoona manja ake, dothi ndi thumba. Ankayankhula ngati akucheza ndi mnzake wa mpanda umodzi. Nthawi zina ankasiya chiganizo panjira kukathamangitsa nkhuku za aneba, pobwera n'kuiwala pamene analekezera. Amayi ambiri a m'matauni, okhala m'nyumba zopanda dimba, ankamutsatira ndipo ankamufunsa mafunso. Eni tsambalo anafika pomaika zotsatsa malonda pa mavidiyo ake n'kumamupatsa kangachepe. Iye ankati n'ka mbewu.

Ine ndili ndi dipuloma ya kukoleji, koma kuno ku Doha ndine mlonda pa nyumba ina yaitali m'dera la Onaiza. Ndimatsegula chitseko, ndimalandira katundu wa anthu, ndimayang'ana makamera. Pamene mkazi wanga ankadwala ndinali pa desiki yomweyo. Matenda ake sanatenge nthawi. Kampani inandipatsa masiku opita kumaliro, ndipo atatha ndinabwerera ndi foniyo m'thumba la malaya.

Ku Najma, dera lina la mzinda uno, timagona anthu angapo m'chipinda chimodzi. Bedi la pansi pa langa ndi la dalaivala wina wamkulu kwa ine, munthu wosangalala, amene sakhala opanda kabizinesi. Nthawi imeneyo anali ndi machanelo ake pa tsamba lomwelo, a mawu olimbikitsa: chithunzi cha mkango kapena phiri chopangidwa ndi kompyuta, mawu a makina akuwerenga pamwamba pake. Ankapanga ambiri pa ofu imodzi. Chanelo ina ikasiya kuyenda ankatsegula ina.

Anandipeza Lachisanu lina masana ndikumvetsera mauthenga a mawu amene mkazi wanga ankanditumizira. Ndinali nditaiwala kuvala mahedifoni.

"Alamu amenewo?" anafunsa. Ndinavomera ndi mutu. Kenako anati, "Achimwene, inu a sukulu, koma dziko lakupitirirani. Bweretsani kuno foniyo."

Anandionetsa pulogalamu imene ukaipatsa mawu ojambulidwa a munthu, imaphunzira mmene amamvekera, ndipo chilichonse ungalembe imachiwerenga ndi mawu a munthuyo. Tinaipatsa mavidiyo ake akale, titadula malo amene nkhuku zinkasokosera. Ndinadikira kuti mnzangayo apite kukagula tiyi, ndipo ndinalemba liwu limodzi lokha: Mwadya?

Sizinamveke bwino. Chichewa chimaivuta pulogalamuyo. Imakweza mawu polakwika, imameza zilembo zina. Ndinasintha kalembedwe, ndinabwereza, ndinabwerezanso. Ulendo wina zinatheka. Ndinazimitsa foni n'kutsika kukaima panja padzuwa mpaka malaya ananyowa.

M'foni muja munali mavidiyo ochepa amene anajambula koma sanawaike pa chanelo. Amenewo ndinawaika mmene analili. Za imfa yake sindinalembepo. Otsatira ake ankangodziwa kuti anadwala, chifukwa iye mwini anatchulapo kuti thupi silili bwino. Mavidiyowo atatuluka, mayi wina analemba pansi kuti, "Ambuye alemekezeke, mwachira." Ndinayang'ana ndemangayo nthawi yaitali, ndipo ndinadina kamtima.

Enieniwo atatha, ndinapanga yoyamba yanga. Inali ya tomato. Ndinalemba mawu onse bwinobwino, monga tinkalembera kukoleji, chiyambi, thunthu ndi mathero. Zithunzi anandithandiza dalaivala uja: matumba obiriwira ondandalikidwa mwaukhondo, manja a mkazi atagwira mbande. Manjawo anali osalala, opanda chipsera cha mpeni chimene iye anali nacho pa chala chachikulu, koma ndani amayang'ana chala?

Poika vidiyo pa tsambalo pali funso limene munthu amayenera kuyankha. Limafunsa ngati muvidiyomo muli zinthu zopangidwa ndi makina zooneka kapena zomveka ngati zenizeni, monga kumuyankhulitsa munthu weniweni mawu amene sananene. Ukayankha kuti inde, amaika kachizindikiro pansi pa vidiyo kowadziwitsa oonera.

"Dinani ayi," anatero mnzangayo, akusuzumira kuchokera pa bedi lake. "Mukadina inde akuponderezani, palibe adzaione. Yalla, fulumirani achimwene, tiyi akuzizira."

Ine malamulowo ndinali nditawawerenga, ndipo Chingelezi chake sichinandivute. Sanena zimenezo. Amanena kuti kuulula sikuchepetsa oonera ndipo sikuletsa malipiro. Kompyuta ikangokuthandiza kukonza zolemba, kapena mawu opangawo akakhala ako omwe, safunanso kuti uulule. Koma mawu a munthu wina amafuna kuti unene, ndipo wobisa mobwerezabwereza akhoza kuchotseredwa mavidiyo. Zonsezi ndinkazidziwa kuposa mnzangayo. Iye ankaopa kutaya oonera. Ine ndinkaopa kachizindikiroko, chifukwa kakanakhala malo oyamba pa chaneloyo onena kuti mwini wake kulibe.

Ndinadina ayi.

Yachiwiri inali yosavuta. Ndinatenga mawu a tomato aja, pamene panali tomato ndinaikapo anyezi, n'kusintha pang'ono za katalikiridwe ka mbande. Kenako mpiru, repu, tchainizi, bonongwe, kaloti. Moni yemweyo, zithunzi zomwezo zitangosinthidwa masamba, mathero omwewo. Ndinkalemba pa desiki masana, nthawi imene eni nyumba ali kuntchito ndipo chikepe chili chete. Ndinkadziuza kuti ndikusunga ntchito yake kuti isafe. Zoona zake, ndinkangofuna chifukwa chomumvera akunena chinthu chatsopano.

Oonera anayamba kuchepa. Pa tsambalo pali malo amene mwini chanelo amaona pamene anthu amasiyira kuonera, ndipo mzere wake unkagwa moni asanathe. Anthu akamachoka msanga chonchi, tsambalo limasiya kuwaonetsa ena vidiyoyo. Mayi wina analemba kuti, "Masiku ano mukuyankhula ngati a wailesi." Wina anafunsa chifukwa chake masamba a tomato wake akupindika, ndipo sindinamuyankhe, poti sindinkadziwa. Kenako kunabwera uthenga wa eni tsambalo. Anati aunika chaneloyo n'kupeza kuti yadzaza ndi mavidiyo obwerezabwereza, opangidwa pa chikombole chimodzi, ndipo aichotsa pa gulu la machanelo olipidwa. Chigamulocho chinali cha chanelo yonse. Mavidiyo ake enieni, a nkhuku aja, anagwera limodzi ndi anga, ndipo tsopano anali pansi penipeni pa mulu, kumene munthu safika.

"Mafi mushkila, palibe vuto," anatero dalaivala. "Tsegulani ina. Mawuwo muli nawo kale."

Sindinatsegule ina. Koma sindinachotsenso chilichonse.

Mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga uja, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Waab. Ndi iye amene anabwera kuno poyamba n'kundilumikiza ndi ejenti wopezera anthu ntchito. Amapuma Lachisanu, ndipo si Lachisanu lililonse. Chibwerereni kumaliro ndinkamuzemba. Ulendo uwu anangotumiza uthenga kuti ali m'basi, ndimudikire pa kashopu ka tiyi pafupi ndi posinthira ndalama.

Anafika atanyamula chikwama chachikulu, anandiyang'ana kuyambira kumutu.

"Amuna anga, mwaonda. Kampani yasiya kukudyetsani? Itanitsani karak, olipira ndinu."

Ndinaitanitsa tiyi wa mkakayo. Anayamba ndi za kumudzi. Chiliza chatha kumangidwa, tsiku lochivundukula lakonzedwa, akwaya auzidwa. Ife awiri sitikanapita. Makontirakiti athu sankalola ulendo wina msanga chonchi. Kenako anati amayi ali ndi pempho. Foni imene iye anawagulira anaiphunzira chinthu chimodzi chokha, kutsegula chanelo ya mwana wawo. Amaidziwa ndi chithunzi cha thumba. M'mawa uliwonse akamasesa amaiika pa windo. Iwo ankakhulupirira kuti mavidiyo atsopanowo anajambulidwa kale, mwana wawo asanagone m'chipatala, ndipo mkamwini akungowatulutsa pang'onopang'ono m'foni ija.

"Ndiye pali ina ya mpiru," anatero mlamu wanga. "Kumapeto kwake achemwali akuti, mbewu ikauma musalire, dothi lidakalipo, fesaninso. Amayi akuti mwana wawo ankadziwa kuti akupita, ankawatsanzika. Akufuna aiike pa sipika tsiku la chiliza, mudzi wonse umve."

Ndinagwira kapu yanga ya tiyi, ya pepala. Inali yotentha kwambiri koma sindinaisiye.

"Ine ndinaimveranso, ndikusita," anapitiriza. "Vidiyo yokoma. Koma alamu, tandiuzani. Pakati pake akuti, mwezi wa Juni uno kwatentha zedi, thirirani m'mawa dzuwa lisanatuluke, matumba muwabise pamthunzi." Anandiyang'ana. "Juni? Ku Zomba? Achemwali anga amene ankagona ndi masokosi awiri mwezi umenewo?"

Anamwa tiyi pang'ono n'kupitiriza.

"Juni wotentha ali kuno kokha. Ndiye kaya anabwera liti ku Doha osandiuza, kaya viza anawapangira ndani." Anaseka pang'ono, koma maso ake sanaseke. "Munalemba ndinu, eti? Muli pa desiki panu, thukuta lili kamukamu."

"Ndine," ndinatero.

"Khalas, basi. Ndimafuna ndimve pakamwa panu."

Panja basi inaima, anthu anatsika ataphimba mitu ndi mataulo. Ndinayamba kufotokoza za pulogalamu, za funso lija, za chikombole, ngati kuti akundifunsa mayeso. Anandidula.

"Ine za makina sindikuzifuna. Madamu anga ali nazo zambiri, mpaka makatani amatseguka okha. Ndikufunsa za amayi. Muwauza liti?"

Ndinati mwina zikanakhala bwino awauze iyeyo, poti ndi mwana wawo, adziwa kasanjidwe ka mawu. Kwathu mkamwini sangolunjika kwa apongozi ndi nkhani yolemera.

"Ayi, bambo. Ine si nkhoswe yanu. Pofunsira munadutsa kwa amalume, koma powayankhulitsa achemwali simunadutse kwa aliyense. Imbani. Ndili pompano."

Mukashopumo munali phokoso, choncho tinalowa pa masitepe a nyumba yathu, imene ili pafupi pomwepo, pamene pamadutsa kamphepo. Ndinawaimbira apongozi. Atangoyankha ndinapezeka kuti ndanjuta pa sitepe, ngakhale kuti sankandiona. Tinapatsana moni wautali. Ndinafunsa za miyendo yawo, za mbuzi, za amalume. Iwo anafunsa ngati tikudya. Mlamu wanga anandigunda ndi bondo.

"Amayi, pali nkhani ya vidiyo ija ya mpiru."

"Eya, akamwini. Mwachita bwino kuisunga. Ndaimvera mpaka ndaloweza."

Ndinawauza. Ndinayesetsa kunena mawu afupiafupi. Ndinati mawuwo ndi opanga, kuti alipo makina otengera mawu a munthu, kuti mwana wawo sanajambule vidiyo imeneyo. Kumbali kwawo ndinkamva mwana wa aneba akulira ndi wailesi patali.

"Ndiye wanena mawu aja ndani?"

"Ndinalemba ndine, amayi."

"Zakuti fesaninso?"

"Ndine."

Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo ndikanakonda zimenezo. Koma anafunsa motsitsa, ngati munthu wofunsa njira.

"Nanga enawo? Amene ndimamvera m'mawawa. Mwana wanga ndi uti pamenepo?"

Apa m'pamene ndinaona chimene ndinachita. Ine ndinkadziwa vidiyo iliyonse, yeniyeni ndi yanga. Iwo analibe podziwira. Funso lija ndinkaliyankha kuti ayi linaikidwa chifukwa cha munthu ngati iwo, ndipo ine ndinawachotsera ngakhale kachizindikiro kamene mwana wawo wamng'onoyu akanawawerengera. Tsopano ngakhale mawu enieni a mwana wawo akanawamvera mokayika.

"Ndiwasiyanitsa, amayi," ndinatero. "Onse."

"Muchite zimenezo." Anapuma. "Tsiku lija tinagawa zovala ndi mbale. Foni tinakupatsani poti tinkati ndi foni. Sitinkadziwa kuti mawu nawonso munthu angawatenge n'kumawagwiritsa ntchito. Tikanadziwa tikanakambirana."

"Pepani, amayi."

"Mpatseni mlamu wanuyo."

Anayankhulana pang'ono, mlamu wanga akungoti eya, eya, atatembenukira kukhoma. Atamaliza anandibwezera foni n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Akuti pa chiliza muwasankhire yeniyeni. Ndipo akuti mawu a mpiru aja ndi abwino, sakuwakana. Koma ngati ndi anu, muwanene ndi pakamwa panu, anthu adziwe kuti akulira ndi mkamwini." Ananyamula chikwama chake. "Ndipo mundiperekeze ku basi. Mwandichedwetsa, madamu andidya."

Ntchitoyo ndinaigwira masiku otsatira, pa desiki yomwe ija. Mavidiyo a pa chikombole ndinawachotsa onse. Kuwaika chizindikiro kokha sikukanathandiza. Akanakhalabe mulu womwewo wa zinthu zofanana, wokwirira ake. Ndinasiya imodzi, ya mpiru, chifukwa sindinafune kuti zioneke ngati palibe chinachitika. Ndinabwerera pa funso lija n'kusintha yankho kukhala inde, kachizindikiro kanatuluka, ndipo pamutu pa vidiyoyo ndinalembaponso m'Chichewa kuti mawu ndi zithunzi zake n'zopangidwa ndi makina, mwini chanelo sananene zimenezi. Chanelo inatsala yaing'ono, mmene iye anaisiyira.

Kenako ndinakwera padenga la nyumba yathu m'mawa wa ofu, pakati pa matanki a madzi ndi zingwe zoyanikira zovala. Foni ndinaitsamiritsa pa njerwa. Ndinanena kuti ndine mwamuna wake, kuti iye anamwalira, ndiponso kuti mavidiyo amene anatuluka m'miyezi yapitayi, kupatula oyambirira ochepa, ndinapanga ndine ndi mawu ake popanda kuwauza. Ndinali nditalemba zoti ndinene koma pepalalo silinathandize. Ndege inadutsa, ndinadikira. Mawu a mpiru aja ndinawanena pomaliza, ndipo anatuluka moipa, mothamanga, ngati ndikuwerenga malamulo a pageti. Sindinajambulenso kachiwiri.

Dalaivala ataionera anapukusa mutu. "Achimwene, mwadziyalutsa pagulu. Komatu saundi yake si yabwino." Kenako anandigulira chapati osanena chifukwa.

Ndemanga zinabwera. Ambiri anapepesa. Ena anakwiya, ndipo sindinafufute zimene analemba. Mayi uja wa "mwachira" analemba kuti anakapereka umboni ku gulu lawo la mapemphero kuti pemphero lawo layankhidwa, ndipo tsopano sakudziwa akawauza chiyani. Imeneyo ndimaiwerengabe. Ndinamuyankha kuti pepani, ndipo palibe china chimene ndinapeza chowonjezera. Eni tsambalo amalola kupemphanso kuti chanelo iunikidwe pakapita nthawi. Sindinapemphe. Si ine woyenera kudya za dimba limenelo.

Pa chiliza ndinawatumizira vidiyo ya kabichi, imene anajambula chaka choyamba. Mlamu wanga ndi ine tinaonera mwambowo pa foni, titakhala pa masitepe omwe aja, msuweni wina atatigwirira kamera yogwedera. Akwaya atamaliza, sipika inalira, ndipo mawu ake anamveka pamanda ponse akufotokoza za manyowa. Pakati pake anakuwa kuti, "Iwe! Choka apo!" Kunamveka mapazi, nkhuku kukokoma, kenako kupuma kwake pobwerera. "Eya, ndimati chiyani paja?"

Anthu anaseka. Kenako ena analira. Kamera inatembenukira kwa amayi, atakhala pamphasa miyendo itatambasulidwa. Sankaseka ndipo sankalira. Anali atapendeketsa mutu, akumvetsera mosamala, ndipo anatembenukira kwa amalume n'kunena kanthu. Phokoso linali lalikulu, sitinamve.

Mlamu wanga anawafunsa tsiku lotsatira. Akuti anati, "Ameneyu ndi iyeyo."

Yanga ya padenga ija sanaiike pa sipika. Akuti anaimvera okha m'nyumba, kamodzi, n'kunena kuti akamwini amathamanga poyankhula.

Mawu opanga aja anakhalabe mu pulogalamu masabata angapo. Sindinkawatsegula, koma ndinkadziwa kuti alipo, monga mmene munthu amadziwira botolo limene wabisa pansi pa bedi. Tsiku limene ndinawafufuta, pulogalamuyo inandifunsa ngati ndatsimikiza. Pamwamba pake panali bokosi lolembamo, lopanda kanthu. Ndinaganiza zolemba liwu limodzi lomaliza, koma ndikanakhala ine ndemwe ndikudzifunsa ngati ndadya. Ndinadina inde, n'kuimirira kukatsegulira chitseko mayi wina amene ankabwera ndi katundu wambiri m'manja.